Mmene mungalembere nkhani yaifupi ya mtsikana amene anasiya kukopera n'kuyamba kulemba chidule m'mawu ake

Mutu wa nkhaniyi ndi wosavuta kuunena. Wophunzira wamkazi amawerenga buku ali ndi hailaita m'manja, amapaka mizere imene akuiona kuti ndi yofunika, kenako amaikopera m'kope liwu ndi liwu. Mayeso akafika zinthu sizimuyendera, ndipo pambuyo pake amazindikira kuti chimene chimamuthandiza ndi kutseka buku n'kulemba mwachidule m'mawu akeake. Vuto lake ndi lakuti wowerenga amadziwiratu mathero asanamalize ndime yoyamba. Ndiye olemba ambiri, posowa chochita, amaisandutsa ulaliki: mphunzitsi amalankhula ndime zitatu zathunthu, mtsikana n'kugwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene chimaipulumutsa nkhani yotere ndi pepala la mtsikanayo. Wowerenga aone ndi maso ake zimene anapaka, zimene anakopera, funso limene linamugonjetsa, ndi chidule chimene analemba buku lili chitsekere. Akaziona zimenezi, palibe amene akufunika kumuuza phunziro. Malangizo otsatirawa ndi a nkhani ya mawu pakati pa 1,200 ndi 1,500, yokhala ndi zigawo zinayi ndi ampangankhani osaposa atatu. Dzina la mtsikanayo mumupatsa nokha; pano tizingomutchula kuti mtsikana.

Choyamba: dziwani chimene chimachitikadi, musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi

Nkhani imene imanama pa mfundo yake yaikulu imagwa, ngakhale italembedwa mokoma chotani. Pali zinthu ziwiri zimene ofufuza za kaphunziridwe anapeza, ndipo zonse ziwiri zimakhudza mmene muyalire zochitika.

Mu 1979, Bretzing ndi Kulhavy anapatsa ophunzira a kusekondale nkhani ya mawu pafupifupi 2,000 yonena za mtundu wa anthu wongopeka, kuti pasapezeke woidziwa kale. Gulu lina linauzidwa kuti likamaliza tsamba lililonse lilembe mizere itatu yofotokoza mwachidule mfundo zikuluzikulu. Gulu lina linauzidwa kuti lisankhe mizere itatu yofunika kwambiri patsamba lililonse n'kuikopera mmene ilili. Pa mayeso, olemba chidule anaposa okopera. Taonani kuti magulu onse awiri anasankha mfundo zofunika, ndipo onse analemba mizere itatu. Kusiyana kunali pa chinthu chimodzi: kuti ulembe m'mawu ako uyenera kumvetsa kaye tanthauzo, pamene kukopera kumatheka maso ndi dzanja zikugwira ntchito, mutu uli kwina.

Chachiwiri ndi cha nthawi. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anayerekeza ophunzira amene anawerenga ndime mobwerezabwereza pa magawo anayi a nthawi, ndi ena amene anawerenga pa gawo limodzi lokha kenako n'kuyesa katatu kulemba zonse zimene akukumbukira osayang'ana. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga ndi amene anachita bwino. Patatha mlungu umodzi zinatembenuka: obwerezawo anakumbukira pafupifupi 40 peresenti, pamene odziyesa aja anakumbukira pafupifupi 61 peresenti. Komanso obwereza kuwerengawo ndi amene ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbukira.

Kwa wolemba nkhani, apa pakutuluka malamulo awiri. Mtsikana wanu ayenera kudzikhulupirira moona mtima usiku umene akukopera, ndipo pakati pa kukoperako ndi kulephera kwake payenera kudutsa masiku. Mukamuyesa madzulo omwewo n'kumulepheretsa, mwalemba chinthu chimene kawirikawiri sichichitika.

Chachiwiri: lembani ndime ya m'buku imene mtsikanayo akuwerenga

Apa ndi pamene olemba ambiri amadumpha. Amangoti "ankawerenga sayansi," basi. Popanda ndime yeniyeni simungaonetse chilichonse. Ilembeni nokha, ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pa phunziro limene mukulidziwa bwino ndipo wowerenga wamba angalimve. Koma ikhale ndi msampha: mfundo ziwiri zimene zili m'ziganizo zosiyana, zimene buku silinazilumikize poyera, koma zimene munthu womvetsa angazilumikize yekha. Ikhalenso ndi kachidutswa kakang'ono kumapeto kwa chiganizo kamene maso othamanga amakalumpha.

Nayi ndime imene tigwiritse ntchito mpaka kumapeto:

"Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Chipinda cham'munsi chakumanja chimapopera magazi kumapapo, kumene amakasiya kaboni dayokisaidi n'kutenga okosijeni. Magaziwo amabwerera kumtima mbali yakumanzere, ndipo chipinda cham'munsi chakumanzere chimawapopera ku ziwalo zonse za thupi. Khoma la chipinda cham'munsi chakumanzere ndi lochindikala kuposa la chakumanja. Mitsempha yotulutsa magazi mumtima imanyamula magazi a okosijeni wambiri, kupatula umene umapita kumapapo."

Msampha uli pa chiganizo chachinayi. Ndimeyi yanena kuti khoma lakumanzere ndi lochindikala, koma sinanene chifukwa chake. Chifukwacho chabisala m'chiganizo chachiwiri ndi chachitatu: mapapo ali pafupi ndi mtima ndipo magazi amadutsamo mosavuta, pamene kukankhira magazi m'thupi lonse mpaka kumapazi kumafuna mphamvu zambiri, ndiye mnofu wa mbali imeneyo ndi waukulu. Kachidutswa kolumphika ndi kaja ka "kupatula umene umapita kumapapo."

Chenjerani pano, chifukwa wolemba nayenso amatha kuterereka. Musalembe kuti mbali yakumanzere imapopa magazi ochuluka kuposa yakumanja. Mbali zonse ziwiri zimatulutsa magazi ofanana kuchuluka kwake. Chimene chimasiyana ndi mphamvu yokankhira. Mphunzitsi wa sayansi akawerenga nkhani yanu n'kupeza cholakwika chotere m'kamwa mwa mphunzitsi wa m'nkhani, sapitirizanso.

Ndime yonseyi musaiike pamalo amodzi m'nkhani. Muziitulutsa pang'onopang'ono, chiganizo apa, theka la chiganizo apo, monga mtsikanayo akukumana nayo. Koma inuyo ikhale pambali panu nthawi yonse imene mukulemba.

Chachitatu: gawo loyamba, kukopera kuoneke kokoma (mawu pafupifupi 300)

Mtsikanayu si waulesi. Mukamupanga waulesi, nkhani yasanduka ya ulesi ndi khama, ndipo wowerenga adzati akanakopera kwambiri akanakhoza. Akhale wakhama kuposa anzake, wa zilembo zokongola, amene kope lake anthu amabwereka. Onetsani kuti ntchitoyi imamutengera nthawi yaitali ndiponso imamusangalatsa. Mwachitsanzo:

"Anachotsa chivundikiro cha hailaita ndi mano, n'kuyendetsa nsonga yake pa chiganizo choyamba. Chachiwiri nacho chinali chofunika. Chachitatu sakanachisiya. Pofika pansi pa ndime, mawu oyera anatsala anayi okha kumapeto, poti inki inali itayamba kufooka. Anatsegula kope, analemba mutu, anaudula mzere ndi rula, n'kuyamba kusamutsa. Maso kubuku, maso kukope, mawu anayi anayi. Pamene ankalemba za mapapo, m'mutu mwake munali nyimbo imene anaimva masana."

Muli zinthu zitatu zogwira ntchito m'kandime kameneka. Wapaka pafupifupi chilichonse, kutanthauza kuti sanasankhe kanthu. Mawu amene atsala osapakidwa ndi aja a "kupatula," amene adzamugwetsa kutsogolo, ndipo wowerenga sakudziwa kuti mwamutchera kale. Ndipo maganizo ake ali pa nyimbo dzanja likulemba bwinobwino, umene ndi umboni wakuti kukopera sikufuna kumvetsa. Simunanene chilichonse mwa zitatuzi, mwangozionetsa. Ngati musintha ndime ya m'buku, werengani mawu otsalawo kuti nambala imene mwatchula igwirizane ndi ndimeyo.

Tsekani gawoli ndi chikhulupiriro chake. Awerengenso manotsi akewo, chiganizo chilichonse chimveke chodziwika, ayambe kuchimalizitsa pakamwa maso asanafike kumapeto, atseke kope ali wokhutira. Kumva kuti chinthu ndi chodziwika pamene chili pamaso pako ndi kosiyana ndi kutha kuchitulutsa m'mutu chikakhala kuti palibe. Kusokoneza ziwirizi ndiye mkangano weniweni wa nkhani yanu, ndipo uli mkati mwa mtsikana yemweyo. Simukufunika mdani.

Chachinayi: gawo lachiwiri, funso limene limamugonjetsa (mawu pafupifupi 250)

Dumphani masiku asanu kapena mlungu ndi chiganizo chimodzi. Musafotokoze masiku apakatiwo.

Mtundu wa funso ndi wofunika kwambiri. Funso loti "Tchulani nambala ya zipinda za mtima" mtsikanayu alikhoza, ndipo ndi bwino kuti alikhoze, kuti wowerenga aone kuti kukopera kwamusiyirako kena kake. Chomugwetsa chikhale funso loyamba ndi "chifukwa chiyani" kapena "chingachitike n'chiyani," limene yankho lake silinalembedwe pamzere umodzi m'buku: "Fotokozani chifukwa chake khoma la chipinda cham'munsi chakumanzere lili lochindikala kuposa la chakumanja."

Tsopano lembani zimene zimachitikadi m'mutu mwa munthu wokopera. Samaiwala zonse ayi. Amakumbukira maonekedwe a tsamba: kuti ndimeyo inali kumanja cham'munsi, kuti inali yachikasu, kuti pambali pake panali chithunzi. Amakumbukira ngakhale chiganizo chenichenicho. Chimene alibe ndi chifukwa chake. Ndiye amachita zimene okopera amachita, kubweza funso ngati yankho:

"Analemba kuti: Khoma la chipinda cham'munsi chakumanzere ndi lochindikala kuposa la chakumanja. Anayang'ana chiganizocho. Chinali cholondola, liwu ndi liwu, monga chilili m'buku. Pansi pake panali mizere inayi yopanda kanthu, ndipo pambali pa funso panalembedwa kuti malikisi atatu."

Musawonjezere misozi, thukuta kapena mtima kugunda. Mizere inayi yopanda kanthu yanena zonse. Mayesowo akhalenso aang'ono, a m'kalasi, osati otsiriza a sukulu, kuti pakhale mpata woti asinthe ndiponso kuti nkhani isalemedwe ndi tsoka limene mawu 1,500 sangalinyamule.

Chachisanu: gawo lachitatu, buku litsekedwe (mawu pafupifupi 550)

Pano ndiye pampondachimera, ndipo patenge malo ochuluka kuposa zigawo zina zonse. Pakufunika munthu wachiwiri, koma ntchito yake ndi kufunsa, osati kuphunzitsa. Akhoza kukhala mphunzitsi kapena mnzake wa m'kalasi amene kope lake ndi losalongosoka koma wakhoza bwino. Mnzakeyo amabweretsa kansanje kamene kamakometsa nkhani. Mphunzitsi amafupikitsa njira. Sankhani mmodzi. Aliyense amene mwasankha, asalankhule ziganizo zoposa ziwiri nthawi imodzi.

Tiyese ndi mphunzitsi:

"Aphunzitsi, ndinawerengatu. Taonani kope langa."

Anatsegula masamba awiri atatu, n'kulitseka, n'kuika dzanja pamwamba pake. "Ndi labwino. Tandiuza, magazi akachoka kumapapo amapita kuti?"

"Zili patsamba lachiwiri, aphunzitsi."

"Ndikudziwa kuti kope likudziwa. Ndikufunsa iweyo."

Zakwana. Mphunzitsi amupatse pepala loyera ndi malire, n'kuchoka: mizere itatu, buku lotseka, ngati akufotokozera mng'ono wake amene sanafike kalasi imeneyi. Zotsalazo mtsikana azichite yekha, ndipo inu wolemba muyenera kudziwa ndondomeko yake bwinobwino kuti muionetse mwa zochita. Imayenda chonchi. Amawerenga ndime imodzi yokha mpaka kumapeto, manja ali opanda cholembera. Amatseka buku. Amadzifunsa kuti ndimeyi ikunena za chiyani ndipo ikuti chiyani za chinthucho, n'kuyankha pakamwa kaye. Amalemba yankholo m'mizere iwiri kapena itatu, pogwiritsa ntchito mawu olumikiza monga "chifukwa," "ndiye," "koma." Kenako amatsegula buku, kuyerekeza, n'kukonza ndi cholembera cha mtundu wina kuti cholakwikacho chizionekabe. Mayina a sayansi, manambala ndi mafomula sasintha. Chimene amasintha ndi kafotokozedwe kolumikiza zinthuzo.

M'nkhani, ndondomekoyi isayende bwino ulendo woyamba. Pakhale kuyesa kutatu.

Poyamba amabera pang'ono osadziwa kuti akubera. Buku lili pafupi, chala chili pakati pa masamba, ndipo amalemba kuti: "Chipupa cha chipinda chapansi chakumanzere ndi chokhuthala kuposa chakumanja." Wasintha "khoma" kukhala "chipupa," "lochindikala" kukhala "chokhuthala," koma msana wa chiganizo ndi womwewo, ndipo chifukwa chija palibebe. Uku ndi kukopera kovala malaya ena. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: chidule chimatsata dongosolo la ziganizo za m'buku chimodzichimodzi, ndipo kutalika kwake kumafanana ndi ndime yoyambirira. Ophunzira ambiri akauzidwa kuti alembe m'mawu awo amathera pamenepa, ndiye wowerenga wanu adzadzizindikira.

Kachiwiri amakankhira buku kutali, ndipo pamakhala chete wovuta. Perekani ziganizo zingapo kwa chete ameneyu. Cholembera chili m'mwamba, palibe chikutuluka, ndipo iye akumva ngati sakudziwa kanthu, kuposa mmene ankamvera pokopera. Izi ndi zoona ndipo muyenera kuzilemba moona: njira yabwinoyi imamveka yoipa pamene ukuichita, chifukwa imakuonetsa pamene pali mabowo. Kenako ajambule bokosi, aligawe panayi, akoke muvi wopita kumapapo, wina wopita kumiyendo. Aone yekha kuti muvi wina ndi waufupi, wina ndi wautali. Kuzindikira kuchitikire pa mivi iwiriyi, osati pa mawu a munthu wina. Ndiyeno alembe:

"Mtima ndi mapampu awiri ophatikizana. Lakumanja limangokankhira magazi kumapapo, pafupi pomwepa. Lakumanzere limakankhira thupi lonse mpaka kuzala zakumapazi, ndiye limafuna mphamvu zambiri, n'chifukwa chake mnofu wake ndi waukulu. Mitsempha yonse yotuluka mumtima imanyamula magazi a okosijeni."

Yerekezani ndi ndime ya m'buku ija. Liwu loti "mapampu" mulibe m'buku, latuluka mwa iye. "N'chifukwa chake" mulibenso m'buku, ndipo ndilo yankho la malikisi atatu aja. Dongosolo lasintha, ndipo kutalika kwatsika kufika pafupifupi theka. Zilembo zake pano zikhale zoipa, zokhala ndi zofufutafufuta, zosiyana ndi kope lija.

Koma chiganizo chomaliza ndi cholakwika, ndipo mwachiika dala. Kuyesa kwachitatu ndi kutsegula buku. Maso ake agwere pa mawu aja amene inki sinawafike: "kupatula umene umapita kumapapo." Abwerere ku chithunzi chake, atsate muvi waufupi uja ndi chala, aone kuti magazi amenewo akupita kukatenga okosijeni, ndiye sangakhale nawo wambiri. Adule liwu loti "yonse," alembe kukonza kwake pamwamba. Musalumphe sitepe imeneyi pofuna kusunga mawu. Chidule cholembedwa buku lili lotseka chimene sichinayerekezedwe ndi buku chimakhomerera cholakwika m'mutu, ndipo nkhani imene yasiya mbali imeneyi ikuphunzitsa theka la njira. Komanso, mwa luso la nkhani, apa ndi pamene msampha munautchera m'gawo loyamba ukufwamphuka, ndipo wowerenga watcheru amasangalala kuti anawaona mawu oyera aja.

Chachisanu ndi chimodzi: mathero (mawu osaposa 250)

Chiyeso chachikulu ndi kumupatsa mtsikana 100 pa 100, mphunzitsi n'kumuimiritsa kuti anzake amuombere m'manja. Pewani. Choyamba, wowerenga sakhulupirira. Chachiwiri, si zoona. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zowerengera zimene ophunzira amagwiritsa ntchito. Kupaka mizere ndi kubwereza kuwerenga anaziika m'gulu la njira zothandiza pang'ono, koma kulemba chidule nakonso anakuika m'gulu lomwelo, makamaka chifukwa kumapindulitsa amene aphunzira kulemba chidule chabwino, pamene ambiri amalemba chosalongosoka. Njira zimene anaziika pamwamba ndi kudziyesa ndi kugawa kuwerenga pa masiku osiyanasiyana. N'chifukwa chake m'nkhani yathu buku likutsekedwa: chidule cholembedwa osayang'ana chimakhala kudziyesa nthawi yomweyo. Ndipo n'chifukwa chake mathero abwino amaonetsa mtsikana akubwerera ku phunzirolo patapita masiku, osati akulandira mphotho.

Njira imodzi yomalizira ndi kubweretsa funso latsopano limene silili m'buku ngakhale m'chidule chake. Patatha mlungu, mnzake akuwerenga mokweza funso la m'pepala lakale: chingachitike n'chiyani mnofu wa chipinda cham'munsi chakumanzere ukafooka? Mtsikana sanaliwerengepo yankho. Akhale chete pang'ono, ajambule mivi ija ndi chala patebulo, ayambe kuti, "Ngati pampu yakumanzere yafooka, ndiye kuti magazi safika bwino m'thupi, munthu azitopa msanga. Ndipo amene akuchokera kumapapo aziunjikana kumbuyo..." Ayime pakati, iye mwini akudabwa kuti chiganizocho chikupitirira chokha. Zimene wanenazo ndi zolondola mwa sayansi, poti mbali yakumanzere ikalephera magazi amadzazana m'mitsempha ya m'mapapo ndipo munthu amabanika. Nkhani ikhoza kuthera pamenepo, kapena pa mnzakeyo akufunsa kuti, "Wazitenga patsamba liti zimenezo?"

Hailaita musaiphe. Olemba amakonda kumaliza ndi mtsikana akuitaya m'bini, koma chithunzi chimenechi n'chotopetsa, ndipo chikuloza mlandu pa chida m'malo mwa kagwiritsidwe kake. Ngati mukufuna ionekenso, ionekere pakati pa gawo lachitatu, akupaka mawu anayi okha aja amene anawaphonya, atamaliza kulemba chidule.

Chachisanu ndi chiwiri: kukonza zimene mwalemba

Siyani nkhaniyo tsiku limodzi kapena awiri, kenako muiwerenge ndi cholembera m'manja. Yambani ndi kusaka ziganizo zimene zikuyamba ndi "anazindikira kuti," "anaphunzira kuti," kapena "kuyambira tsiku limenelo." Pafupifupi chilichonse mwa izi chikunena chinthu chimene gawo lachitatu laonetsa kale, ndiye chichotseni n'kuona ngati nkhani yataya kanthu. Ngati mwachotsa ndipo phunziro silikuonekanso, vuto silili pa chiganizocho koma pa gawo lachitatu, limene silinaonetse mokwanira. Bwererani kumeneko mukawonjezere zimene zili papepala la mtsikana.

Kenako werengani mawu onse a mphunzitsi paokha, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza. Akapitirira mawu 100 m'nkhani yonse, wayamba kulanda ntchito ya mtsikana. Sandutsani ziganizo zake zofotokoza zikhale mafunso, kapena zipatseni kwa mtsikanayo kuti azipeze yekha pa chithunzi chake.

Onaninso chidule cha mtsikana. Chimveke ngati cholankhula cha munthu wa msinkhu wake, osati cha inu wolemba. Chikatuluka chosalala kwambiri, chokhala ndi mawu akuluakulu, chayamba kufanana ndi buku, ndipo kusiyana kumene nkhani yonse yatsamirapo kwafafanizika. Chiwerengeni mokweza pambali pa ndime ya m'buku: munthu womvera ali chotseka maso adziwe msanga kuti apa ndi buku, apa ndi mtsikana.

Potsiriza, perekani nkhaniyo kwa munthu amene sanaphunzire za mtima posachedwa. Akamaliza, itengeni m'manja mwake n'kumufunsa funso la malikisi atatu lija. Akayankha kuti mbali yakumanzere imakankhira magazi m'thupi lonse, gawo lachitatu lagwira ntchito. Akangobwereza kuti khomalo ndi lochindikala, mivi iwiri ija sinaoneke bwino, ndipo muyenera kuipatsa ziganizo zina ziwiri kapena zitatu, kuchotsera pa gawo loyamba ngati malire a mawu akukupanikizani.